Zomwe zili m'manja mwathu: malire amene Epikiteto anaika

M'chaka cha 66, mu ulamuliro wa mfumu Nero, phungu wina wa nyumba ya malamulo ya Aroma dzina lake Agiripino anali kunyumba kwake pamene munthu anabwera kudzamuuza kuti mlandu wake wayamba kuzengedwa. Masiku amenewo woimbidwa mlandu wosakhulupirika kwa mfumu ankayembekezera imfa, ndipo bambo ake enieni a Agiripino anaphedwa pa nthawi ya mfumu Tiberiyo. Iye anangoyankha kuti ziyende bwino, kenako anakumbutsa anzake kuti ola lachisanu lakwana, lomwe kwa ife ndi cha m'ma 11 koloko m'mawa. Imeneyi inali nthawi yake yolimbitsa thupi ndi kusamba madzi ozizira, choncho anapita. Atamaliza, kunabweranso wina kudzanena kuti mlandu wamugwera. Agiripino anafunsa ngati chilango chake chinali kupitikitsidwa kapena kuphedwa. Anamuuza kuti kupitikitsidwa. Anafunsanso za katundu wake, ndipo anamuuza kuti sanalandidwe. “Ndiye tiyeni tikadyere nkhomaliro ku Arisiya,” anatero. Arisiya unali tauni ya pamsewu waukulu wotuluka mu Roma, pafupifupi makilomita 25 kuchoka mumzindawo.

Nkhaniyi tikuidziwa chifukwa mphunzitsi wina, Epikiteto, anaifotokozera ophunzira ake. Munthu akaimva koyamba akhoza kuganiza kuti Agiripino anali wouma mtima, kapena ankangodzionetsera pagulu. Epikiteto ankaona china. Kwa iye, uyu anali munthu amene anaphunzira kale kusiyanitsa zimene zili m'manja mwake ndi zimene zili m'manja mwa ena, moti tsiku la tsoka litafika sanayambe kuphunzira kumene.

Epikiteto anabadwa cha m'ma 50 ku Herapoli, m'dera limene lero lili m'dziko la Turkey, mzinda womwewo umene umatchulidwa pa Akolose 4:13. Anakulira mu ukapolo ku Roma, ndipo mbuye wake Epafurodito anali mlembi wa Nero. Dzina lakuti Epikiteto m'Chigiriki limangotanthauza chinthu chochita kupeza, ngati katundu. Anali wolumala mwendo. Akadali kapolo analoledwa kumakamvetsera maphunziro a Musoniyo Rufu, mmodzi wa Asitoiki, gulu la afilosofi limene Zeno anayambitsa ku Atene pafupifupi zaka 300 Yesu asanabadwe. Ndi Asitoiki omwewo amene anatsutsana ndi Paulo pa Machitidwe 17:18. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, koma mfumu Domishiyani itathamangitsa afilosofi mu Roma chakumapeto kwa zaka za m'ma 80 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 90, iye anakakhazikitsa sukulu ku Nikopoli, kumadzulo kwa Girisi. Sanalembe buku. Wophunzira wake Ariyani ndiye analemba zimene ankamva m'kalasi, ndipo mabuku anayi a zokambiranazo alipobe. Ariyani anasonkhanitsanso mfundo zikuluzikulu m'kabuku kakang'ono kotchedwa Enkiridiyoni, kutanthauza kanthu kokhala m'manja.

Kabukuko kamayamba ndi mawu akuti zinthu zina zili kwa ife, zina sizili kwa ife. Mawu amenewa afalikira kwambiri, ndipo ambiri amawamva ngati akunena kuti chita zimene ungathe, zinazo uzisiye. Koma mukawerenga zimene Epikiteto anaika mbali iliyonse, mudzaona kuti malire ake ndi opanikiza kuposa pamenepo. Ku mbali ya zathu anaikako zinayi zokha: mmene timaweruzira chinthu mumtima, kufuna kuchita kanthu, kulakalaka chinthu ndi kufuna kuchipewa. Ku mbali inayo anaikako thupi, chuma, mbiri yathu pamaso pa anthu ndi udindo.

Thupi ndilo limadabwitsa anthu pa mndandandawu. Kodi mkono wangawu si wanga? Ndikafuna kuukweza, suja umakwera? Muyezo wa Epikiteto ndi funso limodzi: kodi pali munthu kapena chinthu chimene chingandilepheretse? Mkono umakwera lero, koma mawa wapolisi akhoza kuumanga unyolo, kapena sitiroko n'kuufooketsa. Chilichonse chimene china chingachitchinge si chako kwathunthu, ngakhale chikhale chikukumvera masiku ambiri. Ndiye munda umene walima wekha, mayeso amene wawerengera usiku wonse, mwana amene walera, zonsezi umazikhudza kwambiri, koma sizili m'manja mwako m'lingaliro la Epikiteto. Munthu amene anakhalapo kapolo sankafunika kuuzidwa kuti thupi lake likhoza kukhala la wina.

Nanga chimatsala n'chiyani? Apa pakufunika kumvetsa mmene Asitoiki ankaonera maganizo a munthu. Iwo ankati chinthu chikachitika, m'mutu mumabwera chithunzithunzi chake, ndipo chithunzithunzicho chimabwera chitanyamula kale chiganizo. Agiripino atamva kuti wapitikitsidwa, m'mutu mwake simunangobwera mfundo yoti achoka mu Italiya. Munabweranso mawu ena okakamira pamenepo, akuti ichi n'choopsa, moyo wanga watha, andichititsa manyazi. Kubwera kwa chithunzithunzi chotere sitingakuletse. Chimene chili chathu ndi sitepe yotsatira, kuvomereza kapena kukana kuti zimene chikunenazo n'zoona. Palibe mfumu imene ingakakamize munthu kukhulupirira kuti masana ndi usiku. Ikhoza kumukakamiza kunena pakamwa, koma mumtima ayi. Mphamvu yovomereza ndi yosankhayi Epikiteto ankaitcha purohairesisi, ndipo ankati imeneyi ndiyo munthu weniweniyo. N'chifukwa chake ananena kuti anthu savutika ndi zinthu, amavutika ndi ziweruzo zawo pa zinthuzo.

Tsopano tibwerere kwa Agiripino tione zimene anachita chimodzichimodzi. Uthenga woyamba unali woti mlandu ukuzengedwa. Chigamulo chinali m'manja mwa aphungu oopa Nero, ndipo kukhala pakhonde mtima uli phaphapha sikukanasintha voti ya aliyense, choncho tsikulo analiyendetsa monga mwa masiku onse. Uthenga wachiwiri utafika sanafunse kuti chifukwa chiyani ineyo, kapena ndani wandipereka. Anafunsa mafunso awiri amene mayankho ake akanamuuza chochita. Ngati ndi imfa, pali zokonzekera zake. Ngati ndi kupitikitsidwa, pali ulendo, ndipo ulendo umafuna kudziwa ngati uli ndi ndalama. Atadziwa zonse ziwiri, chotsala chinali choti munthu wapaulendo amadya, ndipo malo odyera ali ku Arisiya. Sananamizire kuti chigamulocho n'cholungama. Anangokana kuonjezera pa chilango cha aphungu chilango chachiwiri chodzipatsa yekha.

Pali funso limene aliyense woganiza bwino amafunsa akafika apa: kodi munthu wotere samva mantha? Ndipo ngati ine ndikumva mantha, ndiye kuti ndalephera? Yankho labwino lili m'nkhani imene mlembi wachiroma Aulo Geliyo anasimba m'zaka za m'ma 100. Iye anali m'chombo kuchoka ku Kasiyopa kupita ku Burundisiyo, ndipo anakumana ndi namondwe woopsa usiku wonse. M'chombomo munali mfilosofi wachisitoiki wodziwika, ndipo Geliyo, ngakhale naye anali pa ngozi, ankamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akuchita zimene amaphunzitsa. Mfilosofiyo sanakuwe kapena kulira ngati enawo, koma nkhope yake inatuwa mbuu ndi mantha. Nyanja itachita bata, munthu wina wolemera anayamba kumunyogodola. Pambuyo pake Geliyo anamufunsa mwaulemu chifukwa chake anatuwa, ndipo mkuluyo anatulutsa m'chikwama buku lachisanu la zokambirana za Epikiteto, buku limene lero linatayika, n'kumuonetsa ndime ina.

Ndimeyo inkanena kuti phokoso loopsa likamveka, kapena nyumba ikamagwa, kapena uthenga wa ngozi ukafika mwadzidzidzi, ngakhale munthu wanzeru amadzidzimuka n'kutuwa kwa kanthawi. Zimenezi zimachitika maganizo asanagwire ntchito, ndipo sizili m'manja mwa aliyense. Kusiyana kumabwera pambuyo pake. Wina amavomereza kuti inde, ichi n'choopsadi monga chikuonekera, ndipo mantha amakhazikika n'kuyamba kumulamulira. Wina savomereza. Seneka, Msitoiki wina wa ku Roma, nayenso analemba zofanana pa nkhani ya mkwiyo, kuti kutentha koyamba kwa thupi si mkwiyo weniweni mpaka maganizo atakuvomereza. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndiyo imapulumutsa chiphunzitso chonsechi. Popanda iyo, munthu amene manja ake akunjenjemera m'chipinda cha dokotala akanakhala ndi mavuto awiri, matenda ndi kudziimba mlandu woti ndi wofooka. Kunjenjemerako n'kwa thupi, ndipo thupi tinaliika kale mbali inayo.

Choncho ntchito imene Epikiteto ankapatsa ophunzira ake inali yaing'ono koma ya tsiku ndi tsiku. Chithunzithunzi chowawa chikabwera, uchiimitse kaye n'kuchiuza kuti iwe ndiwe chithunzithunzi chabe, sindinatsimikize kuti ndiwe chimene ukudzitcha. Kenako uchiyese, makamaka ndi funso lija, ngati chikukhudza zako kapena za ena. Ankalangiza kuyamba ndi tinthu tating'ono, mafuta otayika, vinyo wobedwa pang'ono. Ankati ukamapita kumalo osambira a anthu onse, udzikumbutse usananyamuke zimene zimachitika kumeneko, kuthiridwa madzi, kukankhidwa, kutukwanidwa, kuberedwa zovala, ndipo udziuze kuti ukufuna zinthu ziwiri, kusamba ndi kusunga mtima wako m'malo. Choyambacho chikalephereka, chachiwiricho chikhalepo. Iye mwini wakuba anamubera nyale yachitsulo imene ankaika pa kachisi wa m'nyumba mwake. Atamva kugogoda pawindo anathamangira, n'kupeza nyale yapita. Anadziuza kuti mawa apeza yadothi, pakuti munthu amangotaya chimene ali nacho.

Chodandaula chachikulu pa chiphunzitsochi n'chakuti chimaphunzitsa anthu kupinda manja. Ngati zokolola, thanzi ndi chilungamo cha kukhoti sizili m'manja mwanga, ndivutikirenji? Asitoiki anamva funsoli kalekale, ndipo linali ndi dzina lake, mfundo ya ulesi. Otsutsa ankati ngati kunalembedwa kuti uchira, uchira ndithu kaya uitane sing'anga kaya usamuitane. Kirisipo, mtsogoleri wachitatu wa gululi, anayankha kuti zinthu zina zimayendera limodzi, moti kuchira kwakoko kukhoza kukhala kolumikizana ndi kuitana sing'angayo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha woponya muvi, chimene mlembi wachiroma Sisero anatisungira. Woponya muvi amachita chilichonse kuti alase chandamale. Amasankha muvi wowongoka, amakoka uta bwino, amalunjika. Muvi ukangochoka pa uta, mphepo ikhoza kuupatutsa. Kulasako amakufuna ndithu, n'chifukwa chake akulunjika, koma luso lake lathera pa kuponyako. Epikiteto ankapereka chitsanzo cha ulendo wa panyanja. Kusankha woyendetsa chombo wodziwa ntchito, amalinyero abwino, tsiku ndi nthawi yonyamukira, zimenezi ndi zako, ndipo ukazichita mwamphwayi walakwa. Namondwe akabwera, imeneyo ndi ntchito ya woyendetsa. Asitoiki sankati thanzi ndi matenda n'zofanana. Ankati thanzi, chuma chokwanira ndi mbiri yabwino n'zoyenera kusankhidwa pamene zingapezeke, kungoti sizimapangitsa munthu kukhala wabwino, ndipo kuzitaya sikumamupangitsa kukhala woipa.

Apa pali njira yodziwira ngati munthu wachimva molakwika chiphunzitsochi. Akamanena kuti sizili m'manja mwanga asanachite mbali yake, ndiye kuti wangopeza dzina laulemu la ulesi. Mawu amenewa malo ake ndi pamene muvi wachoka kale. Mbiri ya Asitoiki a ku Roma imatsimikiza zimenezi, chifukwa ambiri a iwo anali anthu ovutitsa mafumu. Epikiteto anasimba za Heluvidiyo Pirisiko, amene mfumu Vesipasiyani inamuuza kuti asabwere ku nyumba ya malamulo. Iye anayankha kuti mfumuyo ili ndi mphamvu yomuchotsa uphungu, koma malinga akadali phungu ayenera kubwera. Mfumu inati ndiye ubwere koma ukhale chete. Iye anati musandifunse maganizo anga, ndikhala chete, koma mukandifunsa ndinena chimene ndikuona kuti n'cholungama. Itamuopseza kuti imupha, anati kupha ndi mbali yanu, kufa osanjenjemera ndi mbali yanga. Pambuyo pake anapitikitsidwa n'kuphedwa. Kuika moyo wake mbali ya zosakhala zake ndi kumene kunamumasula pakamwa.

Chiphunzitsochi chinayesedwanso m'nthawi yathu ino pamalo ovuta kwambiri. James Stockdale anali woyendetsa ndege zankhondo wa asilikali apamadzi a ku America. Ali ku yunivesite ya Stanford, mphunzitsi wake wa filosofi, Philip Rhinelander, anamupatsa kabuku ka Epikiteto kaja mu 1962, ndipo anakawerenga mpaka mbali zambiri kuziloweza. Pa 9 Sepitembala 1965 ndege yake inawomberedwa kumpoto kwa Vietnam. Iye anasimba kuti akutsika pa parachuti anadziuza kuti akusiya dziko la makina, akulowa m'dziko la Epikiteto. Atatera anamenyedwa ndi khamu la anthu, mwendo unathyoka moipa, ndipo anatsala wotsimphina ngati Epikiteto. Anakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, zoposa zinayi mwa izo ali yekhayekha m'chitolokosi, mpaka anamasulidwa mu Febuluwale 1973.

Chofunika kwambiri m'nkhani yake n'chakuti Epikiteto sanamusandutse mwala. Ozunza ankamanga akaidi ndi zingwe mopinda thupi mpaka magazi kusiya kuyenda m'mikono, ndipo pafupifupi aliyense ankafika pogonja n'kunena china chake. Stockdale naye anazunzidwa motero kambirimbiri. Anaona kuti chimene chinkaphwanya amuna ambiri chinali manyazi obwera pambuyo pake, kudziona ngati wapereka anzake, ndipo manyaziwo ndiwo ozunza ankagwiritsa ntchito tsiku lotsatira. Monga mkulu wa akaidi anzake, ankatumiza malamulo pogogoda khoma, chilembo chimodzichimodzi. Sanawalamule kuti asagonje zivute zitani, chifukwa malire a ululu umene thupi lingapirire sali m'manja mwa munthu. Anawalamula kuti pa zinthu zina, monga kulankhula pa wailesi ya adani kapena kuvomera milandu, asapereke mwaulere, azikana mpaka atakakamizidwa, ndipo tsiku lotsatira ayambirenso kukana. Wogonja anayenera kuuza anzake zoona zake za zimene wanena, ndipo anzakewo ankamulandira. Apa malire aja anaikidwa pamalo pake penipeni. Zimene zingwe zinatulutsa sizinali zake, koma kubisa kapena kuulula, kugwa mphwayi kapena kuyambiranso, zinali zake.

Akatswiri a maganizo nawonso anatengapo kanthu. Albert Ellis m'zaka za m'ma 1950 ndi Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960 anayambitsa njira zothandizira anthu ovutika maganizo pofufuza chiganizo chimene chimakhala pakati pa chochitika ndi mmene munthu akumvera, ndipo onse awiri anavomereza kuti Asitoiki anawatsogolera. Koma iwo anatenga njira yofufuzira maganizo yokha. Anasiya maziko amene Epikiteto anaimapo, oti chabwino chenicheni ndi khalidwe lokha, ndiponso kuti dziko likuyendetsedwa mwanzeru ndi Mulungu amene iye ankamutcha Zeu. Munthu wosakhulupirira zimenezi akhoza kupindulabe, koma adziwe kuti kwa Epikiteto kulandira zogwa kunali kudalira wozikonzayo.

Pali malo awiri pamene ine ndimaona kuti chiphunzitsochi chimalonjeza zoposa zimene chingapereke. Poyamba, chimanena kuti ziweruzo zathu zili m'manja mwathu kwathunthu. Koma ubongo ndi thupinso. Munthu wodwala matenda okhumudwa kwambiri, kapena amene malungo akwera kumutu, kapena nkhalamba imene yayamba kuiwala, sangangosankha kuganiza mwina. Kumuuza woteroyo kuti vuto ndi maganizo ako kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti ayende bwino. Akufunika chipatala. Ndipo funso lija linapangidwa kuti munthu azidzifunsa yekha. Likachoka pakamwa pa bwana kupita kwa wantchito amene sanalipidwe miyezi itatu, lasanduka ndodo.

Malo achiwiri ndi maliro. Epikiteto ankati ngati umakonda mphika, uzikumbukira kuti ndi mphika, kuti ukasweka usasweke nawo. Kenako anapitiriza kuti ukamapsompsona mwana wako kapena mkazi wako, uzidziuza kuti ukupsompsona munthu woti adzafa. Ankatinso usanene kuti ndataya, uzinena kuti ndabweza. Mawu amenewa analankhulidwa m'dziko limene ana ambiri ankafa asanakule, ndipo cholinga chake chinali choti imfa isapeze kholo likuganiza kuti linalonjezedwa zina. Pali nzeru pamenepo, ndipo amene amakumbukira kuti mwana ndi wobwereka nthawi zambiri amamusamala kwambiri. Komabe kuchoka pa mphika kufika pa mwana ndi mtunda wautali, ndipo sindikhulupirira kuti chisoni cha mayi woferedwa ndi chiweruzo cholakwika chofunika kukonza.

Epikiteto mwini sanali wouma monga mawuwo akumvekera. Bambo wina anamuuza kuti mwana wake wamkazi atadwala kwambiri, iye anathawa panyumba chifukwa sakanatha kupirira kumuona, ndipo anabwerera atamva kuti wachira. Bamboyo ankati chimenechi ndi chikondi chachibadwa. Epikiteto anamufunsa ngati mayi wa mwanayo, mlezi ndi mphunzitsi wake samukonda, ndipo ngati amamukonda, kodi nawonso akanathawa kuti mwanayo atsale yekha? Anamufunsanso ngati iyeyo atadwala angafune kuti abale ake amukonde mwa njira yomweyo. Bamboyo anati ayi. Kuchira kwa mwanayo sikunali m'manja mwake, koma kukhala pambali pa mphasa kunali kwake, ndipo mantha a choyambacho anamulanda chachiwiricho. Pa za munthu wachisoni, kabuku kaja kamalangiza kuti ukamupeza akulira usazengereze kumutonthoza ndi mawu, ngakhale kubuula naye pamodzi, kungoti usabuulenso m'kati. Mawu omalizawo ambiri amawakana, ndipo mwina akulondola. Simpilikiyo, amene analemba ndemanga pa kabukuka patapita zaka pafupifupi 400, akusimba kuti Epikiteto atakalamba, atakhala yekha moyo wake wonse, anatenga mwana wa mnzake amene akanatayidwa chifukwa cha umphawi, n'kupeza mayi woti amuthandize kumulera.